Mawu Ofotokoza Akasochera mu Chiganizo cha Malamulo: Kuwazindikira ndi Kuwakonza

Pali vuto limene limabwerezabwereza m'mapangano, m'malamulo oyendetsera mabungwe ndiponso m'mawilo ogawira chuma cha masiye, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti chiganizo chimene chili nalo chimamveka bwinobwino. Palibe liwu lolembedwa molakwika, galamala yake ndi yolongosoka, ndipo amene anachilemba akachiwerenga amamva zimene ankafuna kunena. Koma mkati mwake muli mawu ofotokoza amene angathe kugwira zinthu ziwiri zosiyana, kapena amene alibe chogwira n'komwe. Mawu ofotokoza amene ndikunena pano ndi mawu alionse amene ntchito yake ndi kuchepetsa kapena kulongosola mawu ena: mfotokozi monga "chowonongeka", nthambi yoyamba ndi "amene" kapena "chimene", mawu a nthawi monga "pasanathe masiku 14", ndiponso mawu oika malire monga "pokhapokha ngati". M'chiganizo cha malamulo, mawu amenewa ndi amene amanena kukula kwa udindo wa munthu, choncho akagwira pamalo olakwika, udindowo umakula kapena kuchepa popanda aliyense kufuna.

Wolemba sakhala woyamba kuliona vutoli, chifukwa iye amawerenga ndi maganizo amene anali nawo polemba. Amene amaliona ndi munthu amene mkangano wabuka ndipo akufunafuna tanthauzo lomukomera. N'chifukwa chake kuwerenga mobwereza kokha sikuthandiza kwenikweni. Chofunika ndi kufunsa mawu ofotokoza alionse funso limodzi, lakuti akugwira liwu liti, kenako n'kuyesa mwadala kuwagwiritsa ku liwu lina kuti tione ngati chiganizocho chikulola.

Mawu ofotokoza amene abwera pamapeto a mndandanda

Mtundu umene umabweretsa milandu yambiri ndi uwu, ndipo ndiufotokoza motalikirapo. Tiyerekeze kuti m'pangano la lendi muli ndime iyi:

"Mwininyumba adzakonza denga, mapaipi ndi zitseko zowonongeka ndi mvula."

Patapita miyezi ingapo, paipi yaphulika chifukwa cha dzimbiri, osati mvula. Wochita lendi akuti mwininyumba ayenera kuikonza, popeza mawu akuti "zowonongeka ndi mvula" akunena za zitseko zokha, zimene zili pafupi nawo, ndipo denga ndi mapaipi zilibe malire alionse. Mwininyumba akuti ayi, mawuwo akugwira zinthu zitatu zonse, choncho iye ali ndi udindo pa zimene mvula yawononga basi, ndipo paipi ya dzimbiri si yake. Onse awiri awerenga Chichewa molondola, ndipo palibe amene akupotoza mawu.

Chimene chachititsa zimenezi chili m'mgwirizanitsi. Dzina lakuti "zitseko" limafuna "zo-", monga timanenera kuti "zitseko zowonongeka". Koma "zo-" yemweyo ndi amene timagwiritsa ntchito tikamafotokoza zinthu za magulu osiyanasiyana a mayina pamodzi, monga "denga ndi mapaipi zowonongeka". Ndiye pamene dzina lomaliza m'ndandanda lili la gulu lofuna "zo-", palibe chilichonse m'galamala chosonyeza ngati mfotokoziyo ndi wa dzina lomalizalo kapena wa mayina onse. Chiganizo chomwecho chikanathera pa denga, zinthu zikanasintha. Mawu akuti "mapaipi, zitseko ndi denga lowonongeka ndi mvula" akunena za denga lokha mosakayikitsa, pamene "mapaipi, zitseko ndi denga zowonongeka ndi mvula" akugwira zonse. Apa Chichewa chili ndi chida chimene zilankhulo zopanda magulu a mayina zilibe, koma chidachi chimagwira ntchito pokhapokha mayina a m'ndandanda akasiyana magulu moyenera, ndipo wolemba amene amachidalira osachiyesa amagwa m'mavuto.

Mayina a anthu ndi amene amavuta koposa, chifukwa pafupifupi onse ali m'gulu limodzi. Taonani lamulo la bungwe lakuti "Mamanejala, akalaliki ndi alonda amene agwira ntchito zaka zisanu adzalandira tchuthi chowonjezera." Liwu lakuti "amene" likugwirizana ndi alonda, likugwirizana ndi akalaliki, ndipo likugwirizananso ndi magulu atatu onsewo pamodzi. Kalaliki amene wagwira ntchito zaka ziwiri ali ndi chifukwa chomveka chopemphera tchuthicho, ndipo bungwe lili ndi chifukwa chomveka chomukanira.

Kuyesa kwake kuli ndi masitepe ochepa. Choyamba, pezani mndandanda uliwonse wolumikizidwa ndi "ndi", "ndiponso" kapena "kapena", ndipo muone ngati pambuyo pake pali mawu ofotokoza. Kenako lembani chiganizocho kawiri papepala lapadera, koyamba mawuwo atagwira chinthu chomaliza chokha, kachiwiri atabwerezedwa pa chinthu chilichonse. Mukatero dzifunseni ngati pali chochitika chenicheni chimene chingaweruzidwe mosiyana pa matanthauzo awiriwo. M'chitsanzo chathu chochitikacho ndi paipi ya dzimbiri. Ngati chochitika chotero chapezeka, chiganizocho chiyenera kumangidwanso, ngakhale inuyo mukuona kuti tanthauzo limodzi ndi lachidziwikire. Sitepe yachitatuyi ndi imene anthu amailumpha, koma ndiyo imasiyanitsa vuto lenileni ndi kusamveka kopanda ngozi, pakuti pali ziganizo zina zimene zingawerengedwe pawiri koma zotsatira zake n'kukhala zofanana.

Pokonza, yambani ndi kufunsa mbali zonse za panganolo zimene zinagwirizana, chifukwa nthawi zina zimapezeka kuti sanakambiranepo nkhaniyo, ndipo kusamveka kwa chiganizo kwangophimba mfundo imene sinathetsedwe. Ngati anagwirizana kuti malire a mvula ndi a zonse, mawu oika malirewo abwere kutsogolo kwa mndandanda: "Mwininyumba adzakonza chilichonse mwa zinthu izi chikawonongeka ndi mvula: denga, mapaipi ndi zitseko." Ngati malirewo ndi a zitseko zokha, chiganizocho chigawidwe pawiri: "Mwininyumba adzakonza denga ndi mapaipi, kaya zawonongeka ndi chiyani. Adzakonzanso zitseko, koma pokhapokha ngati zawonongeka ndi mvula." Chiganizo chokonzedwa chimatalikirapo, ndipo ine ndimaona kuti kutalika kumeneko n'koyenera, chifukwa kufupika kwa chiganizo choyambacho kunabwera mwa kusiya mfundo imene inafunika kunenedwa.

Chifukwa chimene simungadalire khoti kuti likusankhireni

Ena amaganiza kuti oweruza ali ndi lamulo lokhazikika lothetsera nkhani zotere, ndipo wolemba angangolitsatira. Zoona zake n'zakuti pali mfundo ziwiri zomasulira malamulo zimene zimakokana. Ina imati mawu ofotokoza amagwira chinthu chimene ali nacho pafupi, ndiye kuti chomaliza m'ndandanda. Ina imati ngati zinthu za m'ndandanda ndi zofanana kapangidwe ndipo zikuyenda ngati gulu limodzi, mawu ofotokozawo amagwira zonse. Milandu iwiri ya Khoti Lalikulu Kwambiri la ku Amereka ikusonyeza bwino kukokana kumeneku.

Mu 2016, pa mlandu wa Lockhart, khotilo linaunika lamulo limene linatchula mitundu itatu ya milandu ya nkhanza zogonana, ndipo pamapeto pa mtundu wachitatu panali mawu onena kuti wochitiridwayo akhale mwana kapena munthu amene ali m'manja mwa womuyang'anira. Lamulolo linkati munthu wopezeka wolakwa posunga zithunzi zolaula za ana, ngati anapezekapo kale wolakwa pa milandu imeneyi, apatsidwe chilango chosachepera zaka 10 m'ndende. Mlandu wakale wa Lockhart unali wokhudza munthu wamkulu, choncho funso linali lakuti mawu onena za mwanawo akugwira mitundu itatu yonse kapena womaliza wokha. Oweruza 6 anati akugwira womaliza wokha, awiri anatsutsa, ndipo chilango cha zaka 10 chija chinakhalabe. Patapita zaka zisanu, mu 2021, pa mlandu wa Facebook ndi Duguid, khoti lomwelo linaunika lamulo la mu 1991 limene limafotokoza makina oimba foni okha monga makina otha kusunga kapena kupanga manambala a foni pogwiritsa ntchito chida chotulutsa manambala mwachisawawa kapena motsatana. Ulendo uno khotilo linati mawu omalizawo akugwira aneni onse awiri, kusunga ndi kupanga komwe. Amene analemba chigamulo m'milandu yonse iwiri ndi woweruza mmodzi, Sonia Sotomayor.

Sikuti khotilo linadzitsutsa. M'mlandu uliwonse linayang'ana kapangidwe ka chiganizo, zizindikiro za m'kalembedwe ndiponso ndime zina za lamulolo, ndipo zimenezi zinaloza mbali zosiyana. Koma kwa wolemba, zimenezi zikutanthauza kuti akasiya mawu ofotokoza pamapeto pa mndandanda, sangadziwiretu kuti adzawerengedwa bwanji. Palinso mfundo ina imene makhoti a m'mayiko ambiri amatsatira pa mapangano, yakuti mawu osamveka amamasuliridwa mosakomera mbali imene inawalemba, makamaka pamene mbali inayo inangopatsidwa pepala kuti isayine.

Mpatuliro sukwanira

Njira imene ambiri amathamangira ndi kuika mpatuliro patsogolo pa mawu ofotokozawo, poganiza kuti kachizindikiro kameneka kasonyeza kuti mawuwo ndi a mndandanda wonse. N'zoona kuti makhoti amauwerengera mpatuliro ngati umboni, ndipo pa mlandu wa Duguid unathandiza. Koma ndi umboni wofooka, umene ungasowe pamene chikalata chikulembedwanso kapena kumasuliridwa, ndiponso ungathe kubweretsa tanthauzo limene wina sankaliyembekezera. Ku Kanada kampani ya Rogers ndi ya Aliant zinakangana pa pangano logwiritsa ntchito mapolo a mawaya. Ndime yake inati panganolo likhala zaka zisanu, kenako lizipitirira zaka zisanuzisanu, pokhapokha ngati mbali imodzi yalithetsa popereka chidziwitso cha chaka chimodzi. Patsogolo pa mawu onena za kuthetsawo panali mpatuliro, ndipo mu 2006 bungwe loyang'anira mawailesi ndi matelefoni m'dzikolo linagamula kuti chifukwa cha mpatulirowo, panganolo likanatha kuthetsedwa ngakhale mkati mwa zaka zisanu zoyambazo. Mu 2007 bungwe lomwelo linasintha chigamulocho litaona ndime yomweyo m'Chifalansa, imene inasonyeza momveka kuti kuthetsa kunali kololedwa pakutha pa nyengo ya zaka zisanu. Chiganizo chimodzi chowonjezera, chonena mwachindunji ngati panganolo lingathetsedwe zaka zisanu zoyamba zisanakwane, chikanapewetsa mkangano wonsewo.

Mawu ofotokoza amene alibe mwini

Mtundu wachiwiri ndi wosiyana, chifukwa pano mawuwo sakusowa chosankha pakati pa zinthu ziwiri, koma munthu amene akumunena mulibe m'chiganizomo. Nthawi zambiri amabwera koyambirira, ndipo m'Chichewa amayamba ndi "po-", monga "polandira", "posayina", "pochoka". Taonani ndime iyi ya pangano lomwe lija la lendi:

"Polandira chidziwitso, pangano ili lidzatha pakapita masiku 30."

Mwininkhani wa chiganizochi ndi pangano, koma pangano silingalandire chidziwitso. Wolandirayo ndi munthu, ndipo sanatchulidwe. Ngati ndi wochita lendi, ndiye kuti mwininyumba yekha ndi amene ali ndi mphamvu yothetsa panganolo. Ngati ndi mwininyumba, mphamvuyo ili kwa wochita lendi. Ngati ndi aliyense wa awiriwo, onse ali nayo. Ndiponso tsiku loyambira kuwerenga masiku 30 likudalira kulandira kwa munthu wosadziwikayo, choncho ngakhale tsiku lotha pangano silikudziwika. Mawu a "po-" ali ndi vuto limeneli mwachibadwa chifukwa alibe mgwirizanitsi wa mwininkhani: "polandira" amakhala chimodzimodzi kaya wolandira ndi ine, inu, kampani kapena boma.

Wina angayese kukonza posintha kuti "Atalandira chidziwitso", koma zimenezi sizithandiza kwenikweni, pakuti "a-" wa mu "atalandira" amaimira munthu mmodzi aliyense, anthu ambiri, ngakhalenso munthu mmodzi wolemekezedwa. Ndipo pamene chiganizo chili ndi anthu awiri, vutoli limangosintha maonekedwe. Mu "Wogula adzalipira wogulitsa atalandira katundu yense", ambiri angamve kuti wolandira ndi wogula. Koma ngati wogulitsayo amaoda katunduyo kwa ena, angathe kunena kuti ayenera kulipidwa katunduyo akangofika m'manja mwake, asanamutumize n'komwe kwa wogula, ndipo galamala simukaniza.

Chizindikiro chodalirika cha vutoli ndi kukumana kwa zinthu ziwiri: mawu a "po-" kapena "-ta-" koyambirira, ndi mneni wochitidwa pakati pa chiganizo, monga "idzaperekedwa", "chidzabwezedwa", "adzachotsedwa". Mneni wochitidwa amachotsa wochita m'chiganizo, ndipo mawu oyambirira aja amatsala opanda womugwira. Mu "Pochoka m'nyumba, chikole chidzabwezedwa", sitikudziwa wobweza, ndipo wochokayo tikungomuganizira. Kuyesa kwake n'kosavuta: werengani mawu oyambirirawo, funsani kuti "ndani?", kenako onani dzina loyamba limene likubwera pambuyo pa mpatuliro. Ngati dzinalo si yankho la funso lanu, mawuwo alibe mwini.

Mankhwala ake ndi kusandutsa mawuwo nthambi yokwanira yokhala ndi dzina la wochita, ngakhale dzinalo libwerezedwe kawiri kapena katatu. Ndime ya chidziwitso ija ingalembedwe motere: "Mwininyumba kapena wochita lendi angathe kuthetsa pangano ili popereka chidziwitso cholembedwa kwa mnzake. Panganoli lidzatha pakapita masiku 30 kuchokera tsiku limene wopatsidwa chidziwitsoyo wachilandira." Taonani kuti "popereka" wa m'chiganizo choyamba alibe vuto, chifukwa woperekayo ndi mwininkhani yemweyo amene watchulidwa. Sindikunena kuti mawu a "po-" achotsedwe onse, koma kuti aliyense akhale ndi mwini wooneka. Kubwereza mayina kumaoneka kolemetsa kwa amene anazolowera kulemba nkhani zokoma, koma m'pangano dzina lobwerezedwa limatseka mpata umene mlowam'malo amausiya.

Mawu a nthawi amene ali pakati pa aneni awiri

Mtundu wachitatu ndiutchula mwachidule, popeza kuyesa kwake n'kofanana ndi koyamba kuja. Chiganizo chikakhala ndi aneni awiri ndi mawu a nthawi amodzi, mawuwo angapite kwa aliyense wa iwo. Ndime yakuti "Wogula adzadziwitsa wogulitsa za katundu amene wawonongeka pasanathe masiku 14" ingatanthauze kuti wogula ali ndi masiku 14 oti apereke uthenga, kapena kuti udindowo ndi wa katundu yekhayo amene wawonongeka mkati mwa masiku 14, ndipo uthengawo ulibe malire a nthawi. Wogula amene wadandaula pa tsiku la 40 za katundu amene anawonongeka pa tsiku la 10 wachedwa pa tanthauzo loyamba, koma sanachedwe pa lachiwiri. Chiganizochi chili ndi chilema china chimene chimayenda limodzi ndi choyambacho, chakuti sichikunena tsiku loyambira kuwerenga. Kukonza kwabwino kumathetsa zonse ziwiri: "Katundu akawonongeka, wogula adzadziwitsa wogulitsa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene wogulayo waona kuwonongekako."

Mawu akuti "yekha", "okha" ndi "chokha" afunikanso kuyang'anitsitsa, ngakhale mgwirizanitsi wawo amathandiza. "Mlembi yekha angasayine macheke" akuletsa ena onse kusayina, pamene "Mlembi angasayine macheke okha" akuletsa mlembiyo kusayina zikalata zina. Koma "Mlembi angasayine macheke yekha" angamveke pawiri, kuti palibe wina wololedwa, kapena kuti mlembi safunikira mnzake wosayina naye. Ku bungwe limene limafuna anthu awiri pa cheke chilichonse, tanthauzo lachiwirili lingachotse chitetezo chonse cha ndalama zake.

Pamene vutoli limabwerera

Chikalata chimene chinayesedwa bwino chingathe kudwalanso, ndipo nthawi zambiri zimachitika pokambirana. Mbali imodzi ikapempha kuti pawonjezedwe mawu oika malire, malo osavuta kuwaika ndi pamapeto pa chiganizo, ndipo ngati chiganizocho chikuthera pa mndandanda, vuto loyamba lija labadwa. Chimodzimodzinso wina akawonjezera chinthu chatsopano m'ndandanda. Chiganizo chathu chomveka chija, chakuti "mapaipi, zitseko ndi denga zowonongeka ndi mvula", chingawonjezedwe "zingwe zamagetsi" pamapeto, ndipo nthawi yomweyo "zo-" amene ankasonyeza zonse wayambanso kugwirizana ndi dzina lomaliza lokha. Palibe amene wakhudza mfotokoziyo, koma tanthauzo lake lagawanika. Choncho chiganizo chilichonse chimene chasinthidwa chiyesedwenso chonse, osati mawu owonjezedwawo okha.

Kumasulira chikalata kuchoka m'chilankhulo china kumaululanso vutoli. Womasulira amene akufika pa mndandanda wothera pa "denga" amakakamizika kusankha pakati pa "lo-" ndi "zo-", pamene chikalata choyambacho mwina sichinasankhe. Akasankha yekha mwakachetechete, ndiye kuti wagamula nkhani imene eni pangano sanagwirizane, ndipo zikalata ziwirizo ziyamba kunena zosiyana. Choyenera n'chakuti womasulirayo aime, abweze funsolo kwa eni ake, ndipo yankho likapezeka likonzedwe m'zilankhulo zonse ziwiri. Panganolo linenenso momveka kuti ndi chikalata cha chilankhulo chiti chimene chidzatsatidwe ngati ziwirizo zapezeka kuti zikusiyana.